Mitengo ya chimanga pa Mitundu ndi pa Lunzu: kodi −0.28 akutanthauza chiyani?

Funso: Ndikulemba kafukufuku wa digiri yachiwiri pa mitengo ya chimanga pa msika wa Mitundu ku Lilongwe ndi wa Lunzu ku Blantyre. Ndili ndi mitengo ya pamwezi kuyambira Januwale 2014 mpaka Disembala 2024. Riguresheni ya malogi inandipatsa `lnL = 0.55 + 0.93 lnM`, ndipo R² ndi 0.94, koma asupavaiza akuti zimenezi sizikusonyeza kanthu. Nditayesa zotsalira ndi `dfuller` ndinapeza −3.21, ndipo ECM inandipatsa −0.28. Kodi ndingalembe kuti misika iwiriyi ndi yolumikizana? Nanga −0.28 ndimufotokoze bwanji? Ndine mtsikana wa ku Lilongwe.

Yankho: Achemwali, asupavaiza anu akunena zoona, ndipo chifukwa chake chili m'thumba mwa Mmalawi aliyense. M'zaka zimenezi kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Sopo anakwera, simenti inakwera, chimanga chinakwera paliponse. Mutatenga mtengo wa chimanga pa Lunzu n'kuulinganiza ndi mtengo wa malata ku Karonga, mukhoza kupezanso R² wamkulu, chonsecho palibe amene anganene kuti wogula malata ku Karonga ndiye amasuntha mtengo wa chimanga ku Blantyre. Granger ndi Newbold anasonyeza mu 1974 kuti mindandanda iwiri ya manambala oyendayenda, yosakhudzana n'komwe, imatulutsa R² wamkulu ndi t wamkulu kawirikawiri. Choncho 0.94 musamuike patsogolo m'lipoti lanu.

Funso limene kointegireshoni imafunsa ndi lina. Silifunsa ngati mitengo iwiriyi imakwerera limodzi. Limafunsa ngati mpata wa pakati pawo uli ndi pobwerera. Taganizani za munthu amene akupita ndi mbuzi kumsika ataimanga chingwe. Munthuyo akhoza kukhotera kwina kulikonse, mbuzi nayo ikhoza kuthamangira kutsogolo kapena kutsalira ikudya msipu, moti simunganeneretu pamene aliyense akhale pakatha ola. Koma mukudziwa kuti satalikirana kupyola kutalika kwa chingwe. Mtengo wa pa Mitundu ndi wa pa Lunzu uliwonse paokha umayendayenda osabwerera pamene unali. Ngati mpata wawo umati ukakula n'kubwereranso, ndiye kuti chingwe chilipo. Pa chimanga chingwecho ndi mavenda: mtengo ukakwera kwambiri pa Lunzu, wina amagula matumba pa Mitundu, n'kuwakweza pa lole, n'kukagulitsa kummwera. Kugula kwakeko kumakweza mtengo kumene akugula, ndipo kugulitsa kwake kumatsitsa mtengo kumene akugulitsa. Engle ndi Granger mu 1987 anasonyeza kuti chingwe chikakhalapo, payenera kukhalanso ECM, ndiye kuti mtengo umodzi kapena yonse iwiri iyenera kumasuntha mobweza mpatawo. Kointegireshoni imati chingwe chilipo. ECM imati chimakoka mwamphamvu bwanji, ndiponso amene amakokedwa ndani.

Musanafike patali, tsimikizani kuti mtengo uliwonse paokha ndi woyendayenda, ndipo kusintha kwake kwa mwezi ndi mwezi n'kokhazikika. Mayeso a ADF pa `lnL` ndi `lnM` asakane, koma pa `D.lnL` ndi `D.lnM` akane. Simunatchule zimenezi, koma ndikuganiza kuti munachita, pakuti popanda izo zotsatira zonse zilibe poima.

Tsopano −3.21 wanuyo. Apa pali msampha umene umagwira ophunzira ambiri, chifukwa kompyuta siichenjeza. Lamulo la `dfuller` silidziwa kuti manambala amene mwalipatsa ndi zotsalira za riguresheni. Limakusonyezani malire a ADF wamba, amene pa miyezi 132 ndi pafupifupi −2.88 pa 5 peresenti, ndipo inu poona kuti −3.21 wapyola −2.88 mumati zatheka. Koma riguresheni ya OLS imasankha 0.55 ndi 0.93 mwadala kuti zotsalira zichepe kwambiri momwe zingathere, motero zotsalirazo zimaoneka zokhazikika kuposa mmene zilili. N'chifukwa chake malire ake ndi okhwima. Pa mitengo iwiri ndi miyezi 132, malire a MacKinnon ndi pafupifupi −3.38 pa 5 peresenti, ndi −3.08 pa 10 peresenti. Wanuyo wagwera pakati: wapyola pa 10 peresenti, walephera pa 5 peresenti. Umboni ulipo koma ndi wofooka. Kuti muone malire oyenera mu Stata, chitani motere:

```stata
ssc install egranger
egranger lnL lnM, lags(1)
egranger lnM lnL, lags(1)
```

Mzere wachitatuwo si wongowonjezera. Njira ya Engle ndi Granger ikhoza kupereka yankho losiyana mukasintha mtengo umene uli kumanzere, makamaka umboni ukakhala wa m'malire ngati wanuwu. Mayankho awiriwo akasemphana, lembani onse, ndipo pitani ku njira ya Johansen, imene siikufunsani kuti musankhe wotsogolera.

Musataye mtima ndi −3.21. Ine sindikumuwerenga ngati umboni woti misikayi ndi yosalumikizana. Ndikumuwerenga ngati chizindikiro choti modelo yanu ikusowa zinthu zimene aliyense wogula chimanga amazidziwa, ndipo ndifotokoza zimenezo. Koma poyamba tiyerekeze kuti chingwe chilipodi, kuti tione −0.28 ndi manambala enieni a kwacha.

Tinene kuti mwezi wina chimanga pa Mitundu chili pa K600 pa kilogalamu. Logi ya 600 ndi 6.397. Kuchulukitsa ndi 0.93 kumapereka 5.949, kuwonjezera 0.55 kumapereka 6.499, ndipo mukabweza ku kwacha mupeza pafupifupi K665. Umenewu ndi mtengo umene ubale wa nthawi yaitali ukuti uyenera kukhala pa Lunzu. Koma tinene kuti pa Lunzu chimanga chasowa, chafika pa K760. Logi ya 760 ndi 6.633, motero Lunzu yapyola poyenera ndi 0.134, pafupifupi 14 peresenti. ECM yanu imati:

```
ΔlnL(t) = c + α·u(t−1) + γ1·ΔlnL(t−1) + γ2·ΔlnM(t−1) + e(t)
u(t−1)  = lnL(t−1) − 0.55 − 0.93·lnM(t−1)
```

Pamene α ali −0.28 ndipo u ali 0.134, mwezi wotsatira mtengo wa pa Lunzu ukokedwa pansi ndi 0.0375, ndiye kuti pafupifupi K28, kufika cha pa K732, ngati palibe china chachitika ndipo Mitundu sinasunthe. Mwezi winawo chikoka chichotsanso 28 peresenti ya mpata wotsalawo, osati ya mpata woyamba uja. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, amagawa 1 ndi 0.28 n'kulemba kuti mpata umatha m'miyezi itatu ndi theka. Mpata sutha choncho, umangochepachepa. Pakatha mwezi umodzi patsala 72 peresenti, pakatha iwiri 52 peresenti, pakatha isanu ndi umodzi 14 peresenti. Nambala yoyenera kulemba ndi nthawi imene theka la mpata limatha, `ln(0.5)/ln(1 − 0.28)`, imene ili miyezi 2.1. Chizindikiro chochotsera chija n'chofunika: Lunzu ikakhala pamwamba iyenera kutsika. Akanakhala kuti α wa Lunzu ndi woposa ziro, bwenzi mpata ukukulirakulira. Akanakhala wopitirira −1, monga −1.4, bwenzi mtengo ukudumpha poyenera n'kumabwerera uku ndi uku, zimene pa mitengo ya pamwezi zimasonyeza kawirikawiri kuti malagi sanasankhidwe bwino.

Funso limene ndikufuna mudzifunse ndi ili: kodi miyezi iwiri n'njomveka? Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Blantyre ndi makilomita oposa pang'ono 300, pa msewu wa tala. Lole yonyamuka m'mawa imafika tsiku lomwelo. Mavenda ali ndi mafoni, ndipo mtengo wa pa Lunzu m'mawa uno amaudziwa pa Mitundu dzuwa lisanafike pamutu. Ngati phindu la K95 pa kilogalamu, kuwonjezera pa mpata wa masiku onse, lili poyera, kodi lingakhale miyezi iwiri theka lake lisanadyedwe? Amene anakhalapo pa msika wa chimanga angakayike. Ine ndikuganiza kuti −0.28 ndi avereji ya zinthu ziwiri zosiyana kwambiri, ndipo apa ndi pamene pali mtima wa kafukufuku wanu.

Chingwe cha mbuzi chija sichikoka nthawi zonse. Chikakhala cholendewera, mbuzi imayenda mmene ifunira, ndipo mwini wake samva kanthu m'dzanja. Chimakoka chikakungika basi. Pa chimanga, kutalika kwa chingwe ndi ndalama zonse zosamutsira thumba kuchoka pa Mitundu kufika pa Lunzu: lole ndi dizilo wake, aganyu okweza ndi otsitsa, thumba lenilenilo, msonkho wa pamsika, zipata zolipiritsa za Kalinyeke ndi Chingeni, chimanga chotayika panjira ndi chopepuka chikauma, chiwongoladzanja cha mpamba, ndi kaphindu koti venda aone chifukwa chovutikira. Tinene kuti zonsezi ndi K70 pa kilogalamu. Mpata ukakhala K20, palibe amene akweze thumba. Ukakhala K55, palibenso. Mkati mwa K70 mitengo iwiriyi ilibe choikoka, ndipo α weniweni ali pafupi ndi ziro. Mpata ukafika K160, malole amanyamuka, ndipo α akhoza kukhala wamkulu kwambiri. ECM wamba imasakaniza miyezi yonseyi n'kukupatsani nambala imodzi yapakati, imene siifotokoza bwino nyengo iliyonse mwa ziwirizo. Chinanso, miyezi yambiri ikakhala ya mkati, mayeso a Engle ndi Granger amafooka, amalephera kuona chingwe chimene chilipodi. Ichi chikhoza kukhala chifukwa chachikulu cha −3.21 wanu. Balke ndi Fomby analemba za kointegireshoni ya malire yotereyi mu 1997, ndipo chaka chomwecho Baulch anatulutsa njira ina yogwiritsa ntchito ndalama zosamutsira katundu mwachindunji. Robert Myers mu 2013 anaunika misika ya chimanga ya m'Malawi momwemuno poganizira ndalama zosamutsirazi. Muwerenge ntchito yakeyo, pamodzi ndi ya Goletti ndi Babu ya 1994 imene inaona misika yathu itangomasulidwa.

Kuyesa koyamba n'kosavuta. Gawani miyezi pawiri, ya mpata waung'ono ndi ya mpata waukulu, ndipo mulole gulu lililonse likhale ndi α wake. Apa `u` ndi zotsalira za riguresheni yanu yoyamba ija, ndipo `s1-s11` ndi zizindikiro za miyezi zimene muyenera kupanga kaye monga ndasonyezera m'munsimu:

```stata
gen kunja  = abs(L.u) > 0.08
gen u_kunja = L.u * kunja
gen u_mkati = L.u * (1 - kunja)
reg D.lnL u_kunja u_mkati LD.lnL LD.lnM s1-s11
```

Nambala 0.08 ndangoika ngati chitsanzo. Yanu ichokere kwa anthu a pamsika. Pitani pa Mitundu tsiku la msika, mufunse mavenda angapo ndi eni malole kuti thumba la makilogalamu 50 amalipira zingati kufika ku Blantyre, muwonjezere zina zija, mugawe ndi mtengo wa thumba. Mukaona kuti `u_kunja` watuluka wamkulu, tinene −0.5, pamene `u_mkati` ali pafupi ndi ziro, mwapeza nkhani yeniyeni, ndipo theka la mpata wopindulitsa likutha m'mwezi umodzi. Chenjezo ndi lakuti mukayesa malire ambirimbiri n'kusankha okukomerani, p amene kompyuta ikusonyeza sakhalanso woona. Pamenepo pamafunika mayeso a Hansen ndi Seo a 2002, amene ali mu `tsDyn` ya R. Werenganinso kuti miyezi ya kunja ndi ingati. Ikakhala khumi yokha mwa 132, α wakeyo akuima pa miyendo yowonda, ndipo muyenera kunena zimenezo.

Pa chifukwa chomwechi, ngati mungapeze mitengo ya pasabata, itengeni. Avereji ya pamwezi imabisa zonse zochitika m'masiku ochepa: mpata umene unatseguka pa 5 n'kutsekeka pa 18 suoneka n'komwe. Zikatero kulumikizana kwambiri kumabisala m'kusuntha kwa mwezi womwewo, osati mwa α. Nthambi ya unduna wa zamalimidwe yotolera mitengo ya m'misika imalemba pasabata, ndipo IFPRI ku Lilongwe imatsata mitengo ya chimanga m'misika yambiri n'kumatulutsa lipoti mwezi ndi mwezi. Musalumikize mitengo ya magwero awiri osaona miyezi imene onse ali nayo, chifukwa wina amayeza pa sikelo, wina amasandutsa mtengo wa chidebe kukhala wa kilogalamu. Ndipo funsani amene anakupatsani deta ngati miyezi yosowa anaidzaza pojambula mzere kuchoka pa mtengo wam'mbuyo kufika pa wam'tsogolo. Miyezi yodzazidwa chotero imasalaza mndandanda, ndipo misika imaoneka yaulesi kuposa mmene ilili. Mungaizindikire poona kusintha kofanana ndendende miyezi itatu kapena inayi yotsatizana.

Tibwerere kwa 0.93, amene ambiri amangomulemba kuti Mitundu ikakwera ndi 1 peresenti, Lunzu imakwera ndi 0.93 peresenti, n'kupitirira. Muyeseni pa mitengo yosiyanasiyana. Mitundu ikakhala pa K100, ubale wanu ukuti Lunzu ikhale pa K126, mpata wa 26 peresenti. Pa K600 tapeza K665, mpata wa 11 peresenti. Pa K1,200 ukuti K1,266, mpata wa K66 basi, pafupifupi womwe uja wa pa K600. Mukapitirira K2,600, ubalewo ukuti Lunzu izikhala yotchipa kuposa Mitundu mpaka kalekale. Kodi zimenezi n'zoona pa dziko limene dizilo amakwera limodzi ndi kugwa kwa kwacha? Pali mitundu iwiri ya kukwera imene mitengo yanu yasakaniza. Chimanga chikakwera chifukwa cha chilala, ndalama za lole sizisintha kwenikweni, motero mpata m'maperesenti umachepa, ndipo nambala yochepera 1 n'njoyembekezeka ngakhale msika ukuyenda bwino kotheratu: K60 yowonjezera pa K600 imapereka 600 kugawa ndi 660, ndiye 0.91. Koma chikakwera chifukwa kwacha yagwa, lole nayonso imakwera, ndipo nambalayo iyenera kuyandikira 1. Choncho 0.93 si umboni woti 7 peresenti ikutayika panjira kapena kuti mavenda akudya anthu. Chotsani kaye kukwera kwa mitengo ya zinthu pogawa mitengo yonse iwiri ndi mlozo wa NSO wa zinthu zosadya. Ndikunena wa zosadya chifukwa chimanga chili ndi gawo lalikulu mu mlozo wa zinthu zonse, moti mukagawa ndi umenewo mukhala mukugawa chimanga ndi chimanga chomwe. Ngati mungathe, ikaninso mtengo wa dizilo wa MERA mu ubale wa nthawi yaitaliwo, kuti uimire ndalama zosamutsira. Ndipo musayese ngati 0.93 akusiyana ndi 1 pogwiritsa ntchito t wa riguresheni yoyamba ija, chifukwa t ameneyo ndi wosadalirika. Mayeso amenewo muchitire mu VECM.

Nyengo nayo iyenera kulowa. Chimanga chimatchipa pokolola n'kumakwera mpaka Januwale ndi Febuluwale, ndipo misika iwiriyi siikolola tsiku limodzi. Kummwera chimanga chatsopano chimayamba kulowa pamsika msanga kuposa ku chigawo chapakati, motero pali masabata amene Lunzu imagwa pamene Mitundu idakali pamwamba, mpata n'kuchepa kapena kutembenuka kumene. Chimanga choyambiriracho chimakhalanso chosauma bwino, ndipo kutchipa kwake pang'ono n'kwa madzi. Ikani zizindikiro za miyezi 11, zochotsedwa avereji kuti zisasokoneze malire a Johansen:

```stata
forvalues i = 1/11 {
    gen s`i' = (month(dofm(mwezi)) == `i') - 1/12
}
varsoc lnL lnM, maxlag(6) exog(s1-s11)
vecrank lnL lnM, lags(2) trend(rconstant) sindicators(s1-s11)
vec lnL lnM, lags(2) rank(1) trend(rconstant) sindicators(s1-s11)
veclmar
```

Malagi awiriwo musinthe malinga ndi zimene `varsoc` ikuuzeni, ndipo `veclmar` ikasonyeza kuti zotsalira zikutsatanabe, onjezani lagi. `trend(rconstant)` ikuyenera mitengo imene mwaichotsa kale kukwera kwa zinthu. Pa mitengo yosachotsedwa, imene ikukwera chaka ndi chaka, gwiritsani ntchito `trend(constant)`. Pa mitengo iwiri mayankho a `vecrank` ndi atatu okha. Ziro ndiye kuti palibe chingwe. Chimodzi ndiye chimene mukufuna. Ziwiri ndiye kuti mtengo uliwonse ndi wokhazikika paokha, ndipo simufunika VECM, zimene zikhoza kuchitika mukachotsa kukwera kwa zinthu, pakuti mtengo weniweni wa chimanga umakwera pa njala n'kubwerera pa zokolola zabwino. Zikatero si tsoka ayi. Mukhoza kuyesabe liwiro limene mpata umatsekekera, koma osatchula kointegireshoni. Powerenga zotsatira za `vec`, kumbukirani kuti Stata imaika mitengo yonse mbali imodzi, choncho muona `lnL` ali 1 ndipo `lnM` ali ndi chizindikiro chochotsera. Chimenecho chikutanthauza kuti imakwerera limodzi, osati kuti ikusemphana.

VECM ikupatsaninso chinthu chimene ECM yanu ilibe: α wachiwiri, wa Mitundu. Inu mwaika Lunzu kumanzere ngati kuti mukudziwa kale kuti Lunzu ndiyo imatsatira. Mwina n'zoona, pakuti chimanga chambiri chimachokera kuchigawo chapakati. Koma Blantyre ndi kumene kuli odya ambiri, ndipo njala ikayambira kummwera, monga namondwe Freddy atawononga minda mu Malichi 2023, n'kutheka kuti Mitundu ndiyo imakokedwa m'mwamba. α wa Mitundu ayenera kukhala woposa ziro: Lunzu ikakhala pamwamba, Mitundu ikwere. Akatuluka wosasiyana ndi ziro, Mitundu ndiyo ikutsogolera ndipo Lunzu ikuchita ntchito yonse yobweza mpata. Akatuluka, tinene, 0.10, onse awiri akusuntha, ndipo liwiro lonse ndi 0.28 kuwonjezera 0.93 kuchulukitsa ndi 0.10, pafupifupi 0.37, theka la mpata n'kumatha m'mwezi umodzi ndi theka. Kwa amene akuganiza zotulutsa chimanga m'nkhokwe za boma, kusiyana kumeneku n'kwakukulu: chimanga chotsitsidwa pa msika wotsogolera chimamveka kwinako, pamene chotsitsidwa pa msika wotsatira mphamvu yake imazilala msanga.

Jambulaninso u pa galafu mwezi ndi mwezi, muyang'ane ndi maso. Ngati akuzungulira ziro zaka zonse, zili bwino. Ngati wakhala pamwamba zaka zitatu, kenako n'kutsikira pansi n'kukhala komweko, ubalewo unasintha panjira, ndipo nambala imodzi ya zaka 11 ikunama. Yang'anitsitsani 2016, chaka cha njala ya El Niño pamene chimanga chambiri chinalowa kuchokera kunja ndi cha thandizo, komanso miyezi yotsatira Meyi 2022 ndi Novembala 2023. Mayeso a Gregory ndi Hansen a 1996 amalola kuthyoka kumodzi kotere, pa mwezi umene deta isankhe yokha.

Tsopano funso lanu loyamba, ngati mungalembe kuti misikayi ndi yolumikizana. Ngakhale mayeso onse atayenda bwino, kointegireshoni siitsimikiza kuti thumba ngakhale limodzi linachoka pa Mitundu kupita pa Lunzu. Lunzu imalandiranso chimanga cha ku Mozambique chodzera ku Muloza ndi ku Mwanza, ndipo chigawo chapakati chili ndi njira zake za chimanga cha ku Angónia ndi cha ku Zambia chodzera ku Mchinji. Misika iwiri yomwera chitsime chimodzi ikhoza kuyendera limodzi popanda kugulitsana. Mvula ikavuta dziko lonse, kapena boma likaletsa kutumiza chimanga kunja, yonse iwiri imasunthanso limodzi. Mbali inayo, malole akhoza kumayenda tsiku ndi tsiku koma mayeso n'kulephera, chifukwa choti ndalama zosamutsira zikuyendayenda zokha. Mungachepetse chikayiko poika msika wachitatu, wa kumalire, mu VECM yomweyo, n'kuona ngati maubale atuluke awiri ndiponso amene sakokedwa ndi anzake ndani. Koma umboni wa malole mudzaupeza kwa mavenda: akunyamula miyezi iti, kulowera kuti, ndipo amasiya mpata ukatsika kufika pati.

Ndi zimene muli nazo lero, ndingalembe motere: pali umboni pa 10 peresenti, osati pa 5 peresenti, woti mitengo ya pa Mitundu ndi pa Lunzu ili ndi ubale wa nthawi yaitali, pa avereji, mtengo wa pa Lunzu umabweza pafupifupi 28 peresenti ya mpata pa mwezi, theka n'kutha m'miyezi iwiri, ndipo nambalayi ikusakaniza miyezi ya malonda ndi yopanda malonda. Osawonjezera mawu akuti msika ukuyenda bwino kapena kuti mavenda sakudyera alimi masuku pamutu, chifukwa kuti munene zimenezo muyenera kulinganiza mpata ndi ndalama zenizeni zosamutsira. Mukapita kwa asupavaiza, tengani galafu ya u, zotsatira za `vecrank` pa mitengo yochotsedwa kukwera kwa zinthu, ma α onse awiri, ndi mtengo wa lole pa thumba umene mwamva pa Mitundu.